Mankhwala a m'maso: chubu chimodzi sichingagwire kwa khanda, kwa mwana wa zaka zitatu ndi kwa agogo omwe

Ndimagwira unamwino pa chipatala china chaching'ono kuno ku Kasungu, ndipo nkhani ya maso ofiira otuluka manthongo ndimakumana nayo pafupifupi sabata iliyonse. Chimene chimandidetsa nkhawa si matendawo kwenikweni, ambiri amapola bwinobwino, koma kachubu kamankhwala kamene kamakhala pawindo kapena m'kachikwama ka sikelo, kamene aliyense m'nyumbamo akangofiira diso amakatenga. Anapatsidwa bambo chaka chatha, kenako anapaka mwana, mawa apaka khanda. Ndiye ndati ndifotokoze bwinobwino mmene timaganizira ife tikaona diso la manthongo, chifukwa funso loyamba lomwe timafunsa si loti mankhwala ake ndi ati ayi, timayamba ndi kufunsa kuti wodwalayu ali ndi masiku angati kapena zaka zingati.

Ndiyambe ndi khanda lina lomwe linabwera tsiku lina m'mawa, mayi ake atakwera kabaza pamodzi ndi apongozi awo. Mwanayu anali ndi masiku asanu chibadwire, anabadwira panjira matenda atafulumira usiku, ndiye anangobwerera kunyumba osafika kuchipatala. Nditavundukula chitenje ndinapeza zikope zonse ziwiri zatupa ngati walumidwa ndi njuchi, zomatana, ndipo nditayesa kutsegula pang'ono ndi zala mafinya achikasu okhuthala anachita kutumphuka. Ndinapukuta, ndisanamalize n'kulemba komwe m'kabuku ena anali atadzaza kale. Ndinafunsa kuti zayamba liti. Agogo aja anati, "Dzana anamwino, tinkamufinyira mkaka wa m'mawere, dzulo tinapakako kamankhwala kaja anatsala nako ankolo ake, koma zikungoonjezekera." Ankanena moona mtima, anachita zomwe ankadziwa, ndipo sindinawakalipire. Koma mumtima ndinkawerenga maola.

Khanda losakwana masiku 28 likatuluka mafinya m'maso, ife timayamba taganiza zoti kachilomboko lakatengera pobadwa, podutsa njira ya amayi. Tizilombo take tikuluikulu ndi tiwiri. Ka chinzonono kamaonekera msanga, kawirikawiri pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu, ndipo ndi kamene kamatupitsa zikope ndi kutulutsa mafinya ochuluka chonchija. Kena ndi kotchedwa kilamidiya, kamachedwerapo, kamayamba pakati pa masiku 5 ndi 14, mafinya ake sachuluka kwambiri koma kamatha kutsikira m'mapapo mwana n'kudzayamba chibayo patapita masabata. Amayi ambiri okhala ndi tizilomboti samva chilichonse m'thupi, ndiye musamati mayi ali bwinobwino ndiye kuti sizingakhale zimenezo. Kuopsa kwa ka chinzonono n'koti kamatha kudya kagalasi koonekera kaja kamene kamaphimba pakuda pa diso ngakhale pasanakhale chilonda chilichonse, ndipo m'tsiku limodzi kapena awiri kagalasiko kakhoza kubooka. Kakabooka ndiye kuti mwana wakula ndi diso loyera losaona, palibe mankhwala obwezera.

Apa m'pamene anthu amadabwa: mankhwala a diso limeneli si opaka kapena odontheza. Ndi jakisoni. Timabaya seftiriyakizoni kamodzi, mamiligalamu 50 pa kilo iliyonse ya mwana koma osapitirira 150. Khanda lija linkalemera makilo 2.8, ndiye linalandira mamiligalamu 140. Poti ndi maso okha sitingasiyanitse bwino tizilombo tiwiri tija, komanso nthawi zina timabwera tonse pamodzi, pamakhalanso mankhwala akumwa a kilamidiya, kaya erithiromaisini wa masiku 14 kapena azithiromaisini wa masiku atatu, kutengera zomwe adokotala alemba. Pamwamba pa izi m'pamene pamabwera kutsuka maso pafupipafupi ndi madzi amchere a kuchipatala aja mpaka mafinya atasiya. Mankhwala opaka akhoza kuonjezeredwa koma paokha sangathane ndi kachilombo kameneka, amangochepetsa mafinya pamwamba anthu n'kumaona ngati zikusintha, mkatimo diso likudyeka. Ichi n'chifukwa chake kachubu ka pawindo kali koopsa kwa khanda, kamadya nthawi.

Tinatumiza mwana uja kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo kuti akamuone a maso, ndipo mwamwayi kagalasi kanali kasanayambe kuyera. Gawo lovuta linali kulankhula ndi mayi aja pambali, agogo atatuluka, kuti nawonso akufunika mankhwala, komanso bambo a mwana abwere alandire, apo ayi adzapatsirananso ndipo mwana wotsatira adzabadwa ndi vuto lomweli. Ndinawauza kuti, "Amayi, sikuti tikufuna kupeza wolakwa pano, tikufuna nonse atatu muchire." Anabwera bambowo patapita masiku awiri.

Amene munaberekera kuchipatala mukukumbukira kuti mwana akangobadwa timamupaka kamafuta kachikasu m'maso onse awiri. Ameneyo ndi tetirasaikilini wa m'maso wa 1%, amapakidwa kamodzi kokha pofuna kuteteza ku zimene ndafotokozazi, musamapukute msanga poti akuoneka ngati manthongo. Mwana akabadwira kunyumba kapena panjira mubweretseni tsiku lomwelo. Ndipo olo anapakidwa, mafinya akayamba mwezi usanathe musadikire tsiku la sikelo kapena kuti atuluke kaye chikuta, nyamukani.

Pali kena kamene kamasokoneza makolo. Makanda ena diso limangolengeza misozi, m'mawa n'kukhala ndi tinthongo pakona, koma poyera pa diso pali poyera bwinobwino, chikope sichinatupe, mwana akuyamwa mosangalala. Kawirikawiri ameneyo ndi kanjira ka misozi kopita m'mphuno kamene sikanatseguke, ndipo mwa ana ambiri kamatseguka kokha asanakwanitse chaka. Chimafunika n'kupukuta ndi kusisita pang'onopang'ono pambali pa mphuno pafupi ndi kona ya diso, osati kumupaka mankhwala miyezi ndi miyezi. Komabe ngati sanakwane mwezi, asiyeni achipatala ndi amene anene kuti ndi zimenezo.

Tsopano mwana wokulirapo, tinene wa zaka zitatu, wadzuka diso lamatana ndi manthongo achikasu, mwatsuka, pofika masana abweranso, poyera pa diso pafiira, akuti mukumveka ngati muli mchenga koma akusewera, akuona, sakuthawa kuwala. Ameneyu ndiye amene timati mwina ndi mabakiteriya wamba, ndipo mankhwala opaka kapena odontheza amathandiza. Ndinene zoona apa, matenda otere ambiri amatha okha pakadutsa sabata kapena kuposerapo pang'ono ngati mukutsuka bwino, mankhwala amangofulumizitsa kuchira ndi kuchepetsa kupatsirana. Ndiye si mpikisano woti mupake ambiri. Ndipo si diso lofiira lililonse lomwe lili la mabakiteriya. Mukukumbukira pinki ayi ija inayambira ku Karonga kumayambiriro a 2024 n'kufalikira m'maboma ambiri, imene ija inali ya mavairasi, maso amangotuluka misozi yambiri yamadzimadzi, nyumba yonse kugwidwa sabata imodzi, ndipo mankhwala opha mabakiteriya sapha vairasi olo mutadontheza botolo lonse. Palinso ana aja amangotikita maso chaka ndi chaka makamaka nyengo ya fumbi cha mu Seputembala ndi Okutobala, poyera pa diso n'kusanduka pabulauni, vuto lawo lalikulu ndi kuyabwa. Amenewo ndi thupi kudana ndi fumbi kapena mungu, tetirasaikilini sangawathandize, ali ndi mankhwala awoawo.

Mwapatsidwa chubu cha tetirasaikilini, kapakidwe kake ndi aka. Wiritsani madzi, muwasiye azizire m'kapu yoyera yovindikira. Sambani m'manja ndi sopo. Tengani thonje kapena kansalu koyera kochapa ndi kusita, nyowetsani, pukutani kuchokera kukona ya kumphuno kupita chakukhutu, kamodzi, kenako tengani pena poyera. Diso lililonse kansalu kakekake, chifukwa kansalu kamodzi ndi kamene kamasamutsa matenda kuchoka diso ili kupita linalo. Manthongo akauma ikani kansalu konyowako pachikope kwa kanthawi afewe, osachita kumatula. Kutsukaku anthu amakupeputsa koma mankhwala opakidwa pamwamba pa mafinya safika pa diso.

Mwana wamng'ono mukulungeni m'chitenje manja ali mkati, mumugoneke chagada pamiyendo panu, wina agwire mutu. Ndi chala kokerani chikope cha m'munsi pansi pang'ono, muona pakupangika kathumba kofiira. Mankhwala amalowa m'kathumba kameneko. Finyani pang'ono, kwa mwana kuchuluka ngati kanjere ka mpunga, kwa wamkulu kamzere ka pafupifupi sentimita imodzi, ndipo kamlomo ka chubu kasakhudze diso, nsidze kapena chala chanu. Musiyeni atsinzine, mankhwala adzisungunukira okha n'kufalikira. Ndimaona kawirikawiri mayi akubwera kuti mankhwala sakugwira, ndikati tandionetsani mmene mukupakira, akupaka pamwamba pa chikope kunja ngati mafuta odzola. Masiku anayi onse mankhwala sanalowepo m'diso. Si kupusa ayi, palibe anawaonetsa, ndiye mukamalandira mankhwala pawindo paja musachite manyazi kunena kuti tandionetsani kamodzi. Amapakidwa katatu kapena kanayi patsiku kutengera zomwe zalembedwa m'kabuku, kwa masiku asanu mpaka asanu ndi awiri. Diso likayera tsiku lachitatu malizanibe masiku omwe mwauzidwa, koma akakwana siyani, osapitiriza mwezi wonse poti chubu sichinathe.

Akuluakulu ambiri amakonda odontheza chifukwa opaka amachititsa chimbuuzi kwa mphindi zingapo, ndipo n'zoona, mukapaka musakwere njinga yamoto kapena kuyendetsa galimoto mpaka muyambe kuona bwino. Odontheza omwe amapezeka kwambiri ndi kiloramufenikolo wa 0.5% ndi jentamaisini wa 0.3%. Kiloramufenikolo nthawi zambiri amalembedwa dontho limodzi maola awiri aliwonse masiku awiri oyamba, kenako maola anayi aliwonse mpaka masiku asanu akwane, ndipo apa tikunena nthawi imene muli maso, simukuyenera kutchera alamu pakati pausiku. Ena amapatsidwa zonse ziwiri, odontheza masana ndi opaka pogona chifukwa opaka amakhalitsa m'diso. Zikakumana nthawi imodzi yambani odontheza, dikirani mphindi zisanu, opaka pomaliza, mukayamba ndi mafuta dontho limangotsetsereka pamwamba.

Dontho limodzi ndi lokwanira, diso silingasunge n'limodzi lomwelo lonse, achiwiri ndi achitatu amangoyenderera patsaya. Weramutsani mutu, kokani chikope cha m'munsi, yang'anani kudenga, dontheza m'kathumba kaja, kenako tsinzinani mofatsa osaphethiraphethira, n'kudina ndi chala pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Kudinako kumatseka kanjira ka misozi kaja kuti mankhwala asathawire m'mphuno ndi kukhosi, amene munadonthezapo n'kumva kuwawa kukhosi mukudziwa chomwe ndikunena. Mwana wokana kutsegula maso musalimbane naye mpaka kumubaya ndi botolo, mugonekeni chagada, donthezani pakona ya kumphuno diso lili chotseka mutalipukuta kale, akangotsegula dontho lilowa lokha.

Za kasungidwe, kiloramufenikolo wodontheza amafuna mufiriji, ndipo ndikudziwa kuti kumidzi kwathu kuno ambiri tilibe. Nenani pomwe mukulandira, akhoza kukupatsani wopaka amene savuta kusunga, apo ayi musunge botolo pamalo pozizira pamthunzi kwa masiku asanuwo, osati pawindo kapena m'thumba la buluku tsiku lonse kumunda. Botolo kapena chubu chilichonse cha m'maso chikatsegulidwa chisapitirire masiku 28, olo deti yapachikuto ikadali kutali, chifukwa deti imeneyo ndi ya chosatsegula. Ine ndimalangiza kuti mukamaliza masiku anu tayani basi, mponyeni m'chimbudzi chokumba komwe ana sangatole. Ndipo munthu aliyense chake. Kamlomo kakakhudza diso la wodwala m'modzi, botolo lija lasanduka chonyamulira matenda. Chimodzimodzi thaulo, kansalu kosambira, pilo ndi beseni losukusulira.

Yang'aninso manambala a pa botolo. Kiloramufenikolo alipo wa m'makutu wa 5%, mabotolo ake amafanana ndi a m'maso koma ndi wamphamvu kakhumi ndipo amaotcha diso. Tetirasaikilini alipo wopaka pakhungu wa 3%, si wa m'maso. Kutsegula kapisozi n'kuthira ufa wake m'diso ndiye ayi ndithu, ufa uja umakanda kagalasi. Amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, komanso amene iwo kapena abale awo anauzidwapo kuti ali ndi vuto la mafuta a m'mafupa opanga magazi, anene asanapatsidwe kiloramufenikolo. Kuluma pang'ono kwa timasekondi mukangodontheza si vuto, koma zikope zikayamba kutupa ndi kuyabwa kuposa poyamba, kapena patuluka tizidzolo kuzungulira diso, siyani mubwere, mwina thupi ladana nawo, ndipo izi zimachitikachitika ndi jentamaisini akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali.

Botolo lomwe ndimaliopa kuposa onse ndi lija anthu amalitama kuti limayeretsa diso tsiku limodzi. Muli mankhwala opha mabakiteriya osakaniza ndi sitiroidi, monga dekisametazoni kapena betametazoni. Sitiroidi amachotsadi kufiira msanga, n'chifukwa chake amakondedwa, koma amatero pogonetsa chitetezo cha diso. Bambo ena a zaka za m'ma 50 anabwera nyengo yokolola, anati tsamba louma la chimanga linawakwapula m'diso akusenza mapesi, diso linafiira, mnzawo anawabwereka kabotolo kotere. Masiku atatu oyamba anamva bwino, pofika sabata diso likuwawa mpaka mutu, sakutha kuyang'ana panja dzuwa likawala. Nditaunika ndi tochi panali kadontho koyera pakuda pa diso. Chimenecho chinali chilonda pa kagalasi, ndipo chilonda chobwera ndi zomera nthawi zambiri chimalowa tizilombo ta mtundu wa nkhungu timene mankhwala a mabakiteriya satipha, pomwe sitiroidi amachita kutithirira manyowa. Tinawatumiza kwa a maso ndipo anakathera ku Lilongwe, diso linapulumuka koma chipsera chinatsala, amaona mwachimbuuzi mpaka lero. Sitiroidi akadonthezedwa masabata ambiri amathanso kukweza mphamvu ya madzi a mkati mwa diso mwakachetechete mpaka mtsempha woonera kufa, komanso amabweretsa ng'ala. Ndiye mukamagula ku famase funsani mwachindunji kuti kodi muli sitiroidi umu, ndipo akakhalamo musagule pokhapokha atalemba ndi wa maso amene waunika diso lanu.

Nkhani ya bambo aja ikuonetsanso malire a mankhwala onsewa. Matenda wamba a manthongo amanyerenyetsa, amatokosa ngati mchenga, koma sapweteka kwenikweni ndipo mukapukuta manthongo mumaona ngati kale. Diso likamawawa zenizeni, mukamalephera kuyang'ana kuwala, mukamaona mwachimbuuzi olo mwapukuta, pakakhala kadontho koyera pakuda paja, ngati munalasidwa ndi kanthu kumunda, m'chigafa kapena powotcherera zitsulo, pamenepo si za chubu ayi, pitani tsiku lomwelo. Wamkulu naye akatuluka mafinya ochuluka osalekeza ngati a khanda lija, chingakhale chinzonono chafika m'diso kudzera m'manja, nayenso ndi wa jakisoni. Mwana amene watupa kuzungulira diso lonse thupi likutentha, kapena maso afiira ali ndi chikuku, asachedwe pakhomo. Ndipo ngati mwapaka bwino monga ndafotokozera kwa masiku awiri athunthu popanda kusintha kulikonse, bwererani ndi chubu chanucho m'manja tikaone, musasinthe nokha kupita pa botolo lina.

Za mkaka wa m'mawere, madzi a masamba a tomato, shuga, mkodzo ndi zitsamba zofinyira m'maso, ndikupemphani ndi mtima wonse, zisiyeni. Mkaka sungaphe chinzonono, umangotayitsa masiku awiri aja amene khanda lilibe. Madzi a zitsamba ena amaotcha kagalasi, ena amalowetsa nkhungu ija. Mkodzo ndiye woopsa zedi, ngati mwini wake ali ndi chinzonono osadziwa, mwachitengera nokha m'diso lomwe likanapola ndi madzi owiritsa. Ngati ndi usiku, chipatala chili kutali ndipo mukufuna kuchitapo kanthu, tsukani ndi madzi owiritsa ozizira monga ndanenera, musamange diso ndi nsalu chifukwa mafinya amaunjikana mkati, ndipo ngati wodwalayo ndi khanda losakwana mwezi yambani kufunafuna wa kabaza usiku womwewo, mayi atenge kabuku kake ka sikelo ndi ka mwana.